Hamala simasula guluu wa mpando

“Ukamenya ndi hamala kamodzi mwamphamvu, guluu amachoka yekha.” Ndatopa nawo mawuwa, ndawamva zaka zambiri kwa anzanga okonza mipando muno mu Joni. Guluu wogwira bwino amalimba kuposa thabwa. Mukamenya, chimang'aluka ndi mwendo, motsata mitsempha ya mtengo.

Yambani mwamufewetsa. Guluu woyera wa akalipentala amagonja ndi viniga wotentha kapena madzi otentha. Ngati sakulowa, boolani kabowo ka mamilimita 2 kunsi kosaoneka, mpaka kafike pa guluu. Lowetsanimo viniga ndi sirinji, mudikire mphindi 20, mubwerezenso. Kenako kankhani miyendo iwiri ya mpandowo itanuke pogwiritsa ntchito kilampu yotembenuza kuti izikankha m'malo mofinya, pang'onopang'ono, uku mukugwedeza. Mukamva kulira kwa thabwa, imani: mwina muli kamsomali kobisika, kapena guluu sanafewe. Guluu wosakaniza machubu awiri samva viniga, amafuna kutenthedwa.

Dziyesereni nokha. Matani tizidutswa tiwiri ta paini, mawa lake mutimenye. Mudzaona nyenyeswa za thabwa zitakanirira pa guluu. Musauze mnzanu za hamala musanayese zimenezi, mpando wa kasitomala ungathere pomwepo.