Fulajilo ndi mowa: chimachitika n'chiyani m'thupi?

Munthu akalandira fulajilo pa windo la mankhwala, kaya ku kiliniki ya Kapata kapena ku chipatala chachikulu cha Chipata, amauzidwa kuti asamwe mowa. Pamzere pamakhala anthu ambiri, ndiye nthawi yofotokoza chifukwa chake sipezeka, ndipo ambiri amangoganiza kuti ndi mawu omwe aja amene amanenedwa pa mankhwala aliwonse. Pa mankhwala awa chenjezoli lili ndi chifukwa chakechake.

Dzina lenileni la fulajilo ndi metironidazo. Amaperekedwa pa kamwazi woyamba ndi tizilombo ta amiba, pa chiseyeye kapena dzino lotupa, pa matenda ena a kumaliseche kwa amayi, komanso pambuyo pa opaleshoni ya m'mimba. Wamkulu kawirikawiri amamwa mamiligalamu 400 kawiri kapena katatu patsiku kwa masiku 5 mpaka 7. Pa matenda ena amapatsidwa magalamu 2 nthawi imodzi, omwe ndi mapiritsi 5 a 400 kapena 10 a 200.

Kuti timvetse vutoli, tiyambe ndi ulendo wa mowa m'thupi. Chiwindi chimaphwanya mowa m'masitepe awiri. Poyamba chimausandutsa chinthu chotchedwa asetalidehaidi, chomwe ndi poizoni woposa mowa weniweniwo. Kenako chimasandutsa poizoniyu kukhala asetate, wa mtundu umodzi ndi viniga, amene thupi limawotcha mosavuta. Sitepe yachiwiriyi imayenda mofulumira, moti mwa munthu wabwinobwino poizoniyu sachedwa m'magazi. Zili ngati pachigayo: chimanga chikamalowa ufa n'kumatuluka, pamakhala bata. Koma potulukira pakatsekeka chimanga chikuthiridwabe, zonse zimaunjikana.

Asetalidehaidi akachuluka amatambasula mitsempha ya magazi, makamaka ya kunkhope, m'khosi ndi pachifuwa, ndipo amachititsa thupi kutulutsa chinthu china chotchedwa hisitamini, chomwe chimaitambasula kwambiri. Magazi amathamangira pakhungu. Mabuku amati nkhope imafiira, koma pa khungu lathu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Chimene munthu amamva ndi kutentha kunkhope ngati wayandikira mbaula, thukuta, maso ofiira ndi mutu wogunda. Mitsempha ikatambasuka chotere, mphamvu ya kayendedwe ka magazi imatsika, ndipo mtima umayankha pogunda mofulumira kuti magazi afikebe ku ubongo. N'chifukwa chake mtima umathamanga kupitirira 100 pa mphindi, ndipo munthu akadzuka mwadzidzidzi amachita chizungulire. Kusanza kumabwera chifukwa ubongo uli ndi malo amene amazindikira poizoni m'magazi n'kulamula m'mimba kuti mutulutse zonse.

Pali mankhwala ena, disalufiramu, amene amatseka dala sitepe yachiwiri ija, ndipo amaperekedwa kwa anthu ofuna kusiya mowa. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kuti fulajilo amachita chimodzimodzi, popeza zizindikiro zimene odwala ankafotokoza zinali zofanana. Apa tiyenera kunena zoona zake. Pa kafukufuku wina waung'ono wa ku Finilandi wa mu 2002, amuna 12 athanzi anamwetsedwa mowa, ena a iwo atamwa fulajilo masiku angapo, ndipo asetalidehaidi sanakwere m'magazi mwawo. Kafukufuku wa pa makoswe anaonetsa kuti poizoniyu amachuluka m'matumbo, chifukwa fulajilo amapha tizilombo tina ta m'matumbo n'kusiya tina timene timasandutsa mowa kukhala asetalidehaidi. Choncho si aliyense amene amadwala akasakaniza, ndipo mnzanu wa ku bala amene akuti iye anamwa osaona kanthu mwina sakunama.

Komabe ife timati musamwe mowa, ndipo sitinena mwamwambo chabe. Fulajilo payekha amabweretsa mseru, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, mutu ndi chizungulire. Mowa nawo umapsereza m'mimba ndi kutambasula mitsempha. Zikakumana m'thupi la munthu amene akutsegula kale m'mimba, kapena amene sanadye nsima masiku awiri chifukwa cha dzino, kusanza sikuchedwa, ndipo piritsi losanzidwa silichiza kanthu. Anthu 12 athanzi satiuza zimene zingachitikire bambo wa zaka 60 wa matenda a mtima, kapena munthu amene chiwindi chake chinatopa ndi kachasu. Palibenso njira yodziwiratu kuti amene zidzamuvute ndi ndani.

Funso limene limabwera kwambiri ndi la masiku. Tiyerekeze bambo wa ku Mchini amene wapatsidwa mapiritsi a masiku 7, ndipo lomaliza wamwa Lachisanu 8 koloko usiku. Loweruka kuli ukwati, ndipo iye akuti mankhwala anatha dzulo. M'botolo atha, koma m'magazi akadalimo. Thupi limachotsa theka la fulajilo pa maola pafupifupi 8 aliwonse. Pofika 4 koloko m'bandakucha patsala theka, masana a Loweruka pamene anthu akuyamba kumwa patsala gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo usiku limodzi mwa 8. Pamafunika maola 48 kuti chotsalacho chikhale chosawerengeka, kutanthauza Lamlungu usiku. Mapepala ena a m'bokosi amanena masiku 3, ndipo wodwala chiwindi atsatire amenewo kapena kupitirira, chifukwa iye amachedwa kuchotsa mankhwala. Amene wamwa magalamu 2 nthawi imodzi awerenge kuyambira ola limene anameza. Pa tinidazo, m'bale wake wa fulajilo, ndi maola 72.

Cholakwa chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ena amadumpha mapiritsi a Loweruka kuti amwe, n'kuyambiranso Lolemba. Pamenepo amaluza pawiri. Mankhwala a dzulo akadali m'magazi, ndipo tizilombo tapatsidwa mpata wochulukanso.

Mowa pano ndi wonse, wa m'botolo, chibuku, kachasu ndi vinyo. Thobwa ndi munkoyo zatsopano sizivuta, koma zikagona masiku n'kuyamba kuwawasa ndi kuchita thovu zimakhala zayamba kusanduka mowa. Mankhwala ena amadzi a chifuwa alinso ndi mowa, choncho funsani wogulitsa musanagule.

Ngati munthu wamwa kale mowa ndipo zizindikiro zayamba, zomwe nthawi zambiri zimachitika pasanathe theka la ola, asiye kumwa mowawo pomwepo. Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe, ndipo asadzuke msanga. Akatha kumeza, mupatseni madzi kapena madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a ku kiliniki, pang'onopang'ono. Zambiri zimatha pa maola ochepa. Piritsi lotsatira amwe pa nthawi yake ndi chakudya, osawirikiza, ndipo ngati anasanza atangomeza piritsi afunse ku kiliniki.

Thamangirani kuchipatala ngati akumva kupweteka pachifuwa, akubanika, wakomoka, akusokonezeka mutu, akusanza magazi kapena kusanza sikukuleka. Milomo kapena lilime zikatupa, khungu n'kutuluka zidzolo zoyabwa, mpweya n'kumalira pakhosi, vuto si mowanso ayi, thupi lakana mankhwalawo. Asamwenso piritsi lina, ndipo popita kuchipatala munyamule paketi ya mankhwala, mukanene mtundu wa mowa, kuchuluka kwake ndi ola limene anamwa.