Kupopera mankhwala a mbozi m'munda: tetezani khungu lanu

Ambiri timaopa kumwa kapena kupuma mankhwala ophera mbozi, koma kumunda amalowa m'thupi kwambiri kudzera pakhungu. Nthawi yoopsa zedi ndi yosakaniza, chifukwa a m'botolo amakhala asanasungunulidwe ndi madzi.

Musanatsegule botolo, valani magolovesi a labala, gambuti, malaya a manja aatali, buluku, chotchinga maso ndi chotseka pamphuno. Magolovesi a nsalu kapena a chikopa ayi, amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Miyendo ya buluku ikhale kunja kwa gambuti kuti zodontha zisatsikire kuphazi. Onaninso mzere wa m'munsi mwa pepala la pabotolo: wofiira ndiye woopsa koposa, kenako wachikasu, wabuluu, n'kuthera wobiriwira. Ngakhale wobiriwirayo ndi poizoni ndithu.

Muyeso utsate pepalalo. Tiyerekeze kuti likuti mamililita 40 m'malita 20 a madzi, pamene sipuleya yanu ndi ya malita 16. Apa lita iliyonse ikufuna mamililita 2, choncho thirani 32. Yezani ndi jekeseni wopanda singano kapena kakapu koyezera, osati supuni yakunyumba. Thirani madzi mpaka theka, kenako mankhwala, dzazani, tsekani ndi kukhutchumula. Kuonjezera muyeso kuti mbozi zife msanga kumangowaula mbewu ndi kudwalitsa wopopera.

Yesani sipuleya ndi madzi okha kaye. Ikamadontha, malaya amanyowa kumsana ndipo mankhwala amalowa pang'onopang'ono ntchito yonse. Poperani m'mamawa kapena madzulo kusakutentha, mphepo izitengera mankhwala kutali ndi inu. Pamene pamatulukira mankhwala pakatsekeka, chonde musauzire ndi pakamwa. Tsukani ndi madzi n'kutokosa ndi kaudzu. Kudya, kumwa ndi kusuta zidikire mutasamba.

Mukamaliza, munthu asalowe m'mundamo mpaka nthawi yolembedwa pabotolo itakwana. Ngati sanalembe, dikirani maola osachepera 24, masamba ataumiratu. Uzani aganyu, ana ndi amayi othyola nkhwani kapena chisoso m'mizere. Masiku odikira musanakolole ndi ena, ndipo nthawi zambiri amakhala ochulukirapo.

Tsukani magolovesi musanawavule, sambani thupi lonse ndi sopo, ndipo zovalazo muchape pazokha, kutali ndi chitsime kapena mtsinje. Botolo lotha litsukuluzeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenako mulibowole kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta.

Munthu akayamba kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, kusanza, kubanika, kunjenjemera minofu kapena kuona mwachimbuuzi, mchotseni m'munda, mvuleni zovala ndi kumsambitsa. Mankhwala akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Musamsanzitse kapena kumpatsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botololo, kuti adokotala adziwe mankhwala oti ampatse.