“Chifukwa chiyani anthu 300?” Funso limene likugwetsa ophunzira a mastazi pa difensi

Ndatopa kumva yankho lakuti “asupavaiza anga ndi amene anandiuza.” Tsiku la difensi, asupavaiza anu amakhala pakona ali chete. Dzina lili pachikuto cha thesisi ndi lanu, ndipo woyesa wochokera kuyunivesite ina akufuna adziwe ngati munamvetsa zimene munachita nokha. Pamene ambiri amapunthwa si pa mabuku amene anawerenga ayi, koma pa sampo: munafunsa anthu angati, munawasankha bwanji, nanga zimene mwapezazo zikuimira ndani.

Mtsikana wina amene ndinakhala nawo pomuyesa amandiwawabe mumtima. Anafufuza za ndalama zimene asodzi a usipa amapeza m'madoko a ku Senga Bay, kuno ku Salima. Ntchito anaigwira ndithu. Atafunsidwa chifukwa chake anafunsa anthu 300, anayankha mwachangu kuti anatsata fomula ya Yamane ya 1967, n = N / (1 + Ne²). Kaundula wa asodzi amene anapatsidwa anali ndi mayina 1,200, amene ndi N m'fomulayi, e anamuika pa 0.05, ndiye 1,200 kugawa ndi 4 n'kupeza 300. Masamu ake anali olondola.

Woyesa anangofunsa mofatsa kuti, “Nanga 0.05 ameneyu munamutenga kuti, mayi?” Zii. Chonsecho yankho lake n'lalifupi: ndi mpata wa kuphonya umene wofufuza walola, 5 pa 100 alionse. Akanalola 0.1, anthu 92 akanakwana, koma zotsatira zake zikanakhala zongoyerekeza kwambiri. Amene angathe kunena zimenezi ndi pakamwa pake waonetsa kuti nambalayo anaisankha, sanangoikopera.

Funso lachitatu ndi limene linamumaliza. Anthu 300 aja anawapeza bwanji? Anati ankapita kudoko m'mawa n'kufunsa aliyense amene wavomera. Apa pali vuto lalikulu, chifukwa fomula ija imagwira ntchito ngati mayina asankhidwa mwamaere kuchokera mukaundula, aliyense ali ndi mwayi wofanana. Ndiye taganizani amene amapezeka padoko cha m'ma 9 koloko ali ndi nthawi yocheza. Alovi amene akoka chilimira usiku wonse ndi nyali apita kukagona. Amene watsala akuwerenga ndalama ndi mwini boti ndi injini. Komanso iye anapita mu Julayi, mwera ukuwomba, pamene masiku ena maboti salowa n'komwe m'madzi. Koma m'mutu womaliza analemba kuti “asodzi a m'nyanja ya Malawi amapeza zakutizakuti pamwezi.” Nyanja yonse, chaka chonse, kuchokera kwa eni maboti a madoko ochepa m'nyengo imodzi!

Chimene chimandipweteka n'chakuti funsoli linali ndi yankho labwino, akanalikonzekera. Akananena kuti: “Zoona, sindinasankhe mwamaere, chifukwa kaundula anali wakale ndipo asodzi amasamukasamuka kutsata nsomba. Ambiri amene ndinawafunsa ndi eni zida, choncho ndalama zimene ndapeza n'zokwera kuposa zimene mlovi amalandira. Zotsatirazi zikunena za Senga Bay m'nyengo ya mwera basi.” Yankho lotere lili ndi zonse zimene timamvetsera: wavomera chofooka, wanena mbali imene chapendeketsera zotsatira, ndipo wabweza mawu ake afike pamene umboni wake walekezera. Iye m'malo mwake anayamba kukana, ndipo anabwezedwa kuti akakonze zambiri, miyezi n'kupita.

Choncho musadikire kalata ya tsiku la difensi. Mukangopereka thesisi, tsegulani mutu wa njira zofufuzira, ndipo pa nambala iliyonse ndi chisankho chilichonse lembani pambali ndi pensulo “chifukwa chiyani?” Mukayankha, dzifunseninso pa yankholo, kawiri. Oyesa saima pa funso loyamba. Kenako pezani mnzanu wosakunyengererani akufunseni mokweza, inu muyankhe osayang'ana pepala.

Ndipo chonde, anthu aja amene amadzitsatsa pa WhatsApp kuti “timapanga analisisi, timalemba chaputala 4” atalikireni. Amakubwezerani matebulo okongola a pulogalamu ya pakompyuta ya SPSS amene simudziwa kumene achokera. Ife timazindikira msanga. Timangoloza tebulo limodzi n'kufunsa chifukwa chake pansi palembedwa 287 pamene munati munafunsa 300, ndipo 13 enawo anapita kuti. Amene analowetsa yekha mayankho m'kompyuta amakumbuka kuti mafomu ena ananyowa kapena sanadzazidwe onse. Wogula amayang'ana tebulolo ngati akuliona koyamba, ndipo pamenepo nkhani imachoka pa kukonza thesisi n'kupita ku komiti yoona za chinyengo, kumene munthu angathe kutaya digiri yonse.