Sikirini ya 480Hz pa foni ya magemu: kodi chala chanu chidzamva kusiyana?

Pa bokosi la foni yatsopano masiku ano pamakhala manambala awiri okhala ndi Hz kumapeto, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Yoyamba, monga 90Hz kapena 120Hz, imanena kuti sikirini imajambula chithunzi chatsopano kangati pa sekondi imodzi. Yachiwiri imalembedwa kuti touch sampling rate, ndipo imakhala yaikulu, monga 240Hz, 360Hz kapena 480Hz. Imeneyi imanena kuti foni imafufuza kangati pa sekondi kuti idziwe pamene chala chili. Ogulitsa amaikonda nambala yachiwiriyi chifukwa ndi yonenepa, ndipo achinyamata osewera PUBG Mobile ndi Free Fire amandifunsa kawirikawiri ngati kuli koyenera kuwonjezera ndalama chifukwa cha iyo. Yankho langa ndi lakuti nambalayi ikafika 240Hz, zotsalazo munthu wamba sangazimve, ndipo chimene chimachedwetsa gemu yake nthawi zambiri chimakhala kwina.

Pansi pa galasi limene mumakhudza pali timizere tamagetsi tosaoneka ndi maso, tina topingasa, tina totsika. Chala chikayandikira chimasintha pang'ono mphamvu ya magetsi pamalo pamene timizereto tadutsana. Kachipangizo kakang'ono kamayendera timizere tonse, n'kuwerengetsa pamene pasinthapo, kenako n'kutumiza uthenga ku purosesa. Kakamaliza kamayambiranso. Kakamachita zimenezi maulendo 120 pa sekondi, ndiye kuti pakati pa ulendo wina ndi unzake pamadutsa mamilisekondi 8.3. Milisekondi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Pa 240Hz mpatawo umakhala 4.2, pa 480Hz umakhala 2.1, ndipo pa 720Hz, imene ASUS inaika pa ROG Phone 6 mu 2022, umakhala 1.4.

Chala sichigwa pa nthawi yopangana ndi kachipangizoka. Nthawi zina chimafika kufufuza kutangotsala pang'ono kuchitika, nthawi zina kutangodutsa kumene, choncho mukaphatikiza zonse kudikira kwake kumakhala theka la mpata uja. Ndiye kuti pa 120Hz mumadikira mamilisekondi pafupifupi 4, pa 240Hz pafupifupi 2, ndipo pa 480Hz imodzi yokha. Taonani mmene phindu likucheperachepera. Kuchoka pa 120Hz kupita pa 240Hz mwapulumutsa mamilisekondi 2. Kuchoka pa 240Hz kupita pa 480Hz, nambala imene pa bokosi ikuoneka kuti yawirikiza, mwapulumutsa milisekondi imodzi basi. Pamene munthu wathanzi, kuti aone mdani ndi maso mpaka chala chisunthe, zimamutengera mamilisekondi 200 kapena kuposerapo.

Ulendo wa uthenga uja suthera pamenepo, ndipo gawo lotsalali ndi limene limadya nthawi. Gemu siyang'ana chala nthawi iliyonse. Imagwira ntchito m'zithunzi zotsatizana zimene timazitcha mafulemu, ndipo kawirikawiri imatolera zimene chala chachita kamodzi pa fulemu iliyonse. Ikatolera imawerengetsa kumene mfuti yaloza, gawo lojambula limakonza chithunzi, kenako chithunzicho chimadikira kuti sikirini ichionetse. Pa mafoni ambiri ntchito imeneyi imatenga mafulemu awiri kapena atatu. Zili ngati basi yonyamuka pa nthawi yoikika: ngakhale mufike pa depoti mothamanga, munyamuka limodzi ndi amene afika akuyenda pang'onopang'ono.

Tiyeni tiyerekeze mafoni awiri, onse akusewera PUBG Mobile. Manambala awa ndi owerengetsera kuti tione kukula kwa gawo lililonse, sikuti ndi muyezo wa foni inayake. Yoyamba ili ndi 480Hz pa bokosi, koma purosesa yake ndi yofooka moti Frame Rate ya gemu yaikidwa pa High, kutanthauza mafulemu 30 pa sekondi. Fulemu iliyonse imatenga mamilisekondi 33.3. Chala chidikira milisekondi imodzi kuti chimveke, kenako pafupifupi 17 kuti fulemu yotsatira iyambe, kenako mafulemu awiri ojambula omwe ndi 67. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 85.

Yachiwiri ili ndi 120Hz yokha, nambala imene wogulitsa sangaitchule n'komwe, koma purosesa yake imakwanitsa Extreme, mafulemu 60 pa sekondi, iliyonse ya mamilisekondi 16.7. Chala chidikira 4, kenako 8 kuti fulemu iyambe, kenako 33 ya mafulemu awiri. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 45. Foni yooneka yotsalira pa bokosi ikuyankha msanga ndi mamilisekondi 40, ndipo kusiyana kotere dzanja limakumva mukamazungulitsa kamera ya gemu. Mwini foni yoyamba uja akanapindula kwambiri akanatsitsa Graphics kufika pa Smooth kuti mafulemu akwere, popanda kulipira kalikonse.

Sindikunena kuti anthu samva kuchedwa kwa sikirini. Amakumva, ndipo kuposa mmene akatswiri ankaganizira kale. Mu 2012 ofufuza a ku Microsoft anapanga chipangizo choyesera chimene chinkayankha chala mu milisekondi imodzi yokha, n'kumawonjezera kuchedwa dala kuti aone pamene anthu ayambe kudandaula. Pokoka kabokosi ndi chala, anthu ambiri ankazindikira kuchedwa kosakwana mamilisekondi 10. Chifukwa chake n'chosavuta: diso likuona chala ndi kabokosi nthawi imodzi, ndiye kabokosi kakatsalira m'mbuyo mpata umaonekera. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti pongodina kamodzi anthu sazindikira msanga choncho, kuchedwako kumayenera kufika mamilisekondi makumi angapo.

Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri zokhudza magemu. Batani lowombera ndi lodina, choncho milisekondi imodzi kapena iwiri pamenepo palibe angaimve, ngakhale katswiri wa mipikisano. Kuloza mfuti ndi kukoka, ndipo apa ndi pamene kufufuza chala pafupipafupi kumathandiza, ngakhale kuti thandizo lake lalikulu si liwiro. Tinene kuti sikirini ikujambula maulendo 120 pa sekondi ndipo chala chikufufuzidwanso maulendo 120. Mawotchi awiriwa sayenda mofanana ndendende, ndiye fulemu ina imatha kulandira uthenga watsopano, ina n'kulandira wakale, ndipo kamera imayenda modumphadumpha pang'ono. Kufufuza kukakhala kowirikiza kawiri, fulemu iliyonse imapeza uthenga watsopano ukuidikira. N'chifukwa chake opanga mafoni amakonda kuphatikiza manambalawa motero. iPhone X ya 2017 inali ndi sikirini ya 60Hz ndi kufufuza chala kwa 120Hz, ndipo Galaxy S20 ya 2020 inali ndi 120Hz ndi 240Hz. Ine ndimaona kuti muyezo wabwino ndi umenewu: kufufuza chala kukhale kowirikiza kawiri mafulemu amene gemu yanu ikutulutsadi. Ngati mumasewera pa mafulemu 60, 120Hz ikukwanirani, 240Hz ndi mtendere.

Chimene chimandipweteka ndi momwe nambalayi imalembedwera. Pa mafoni ambiri nambala ya pa bokosi imagwira ntchito pokhapokha gemu itatsegulidwa kudzera m'pulogalamu ya magemu ya foniyo, monga Game Turbo ya pa Xiaomi, ndipo nthawi zina zonse foni imatsika kuti isunge batire. Ena amalemba manambala opitirira 1,000Hz n'kuikapo mawu akuti instant, kutanthauza kuti liwirolo ndi la kanthawi kochepa, osati la nthawi yonse imene chala chikuyenda.

Mungathe kudziyezera nokha ngati muli ndi foni ya Android, kompyuta ndi chingwe. Pitani pa About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri, kenako mu Developer options yatsani USB debugging. Lumikizani foni ndi chingwe ku kompyuta yokhala ndi adb, pulogalamu yotumizira malamulo ku foni ya Android, ndipo pa kompyutapo lembani:

```
adb shell getevent -lt
```

Yendetsani chala pa sikirini osaima. Mizere yambiri idzatsika, uliwonse uli ndi nthawi kumayambiriro kwake. Yang'anani mizere yolembedwa SYN_REPORT yokha, n'kuchotsera nthawi ya mzere wina pa wotsatira. Kusiyana kukakhala pafupifupi 0.008 foni ikutumiza uthenga maulendo 120 pa sekondi, kukakhala 0.004 ndi 240. Yesani muli kunja kwa gemu, kenako muli mkati, kenakonso mutaika zala zitatu kapena zinayi monga amachitira osewera ambiri, muone ngati nambala ikukhazikika.

Kuchedwa konse, kuyambira pa chala mpaka pa chithunzi, kumayezedwa ndi foni ya mnzanu yojambula vidiyo yoyenda pang'onopang'ono pa 240 fps, kutanthauza zithunzi 240 pa sekondi. Jambulani cham'mbali kuti chala ndi sikirini zioneke, dinani batani lowombera pa bwalo lophunzirira la gemu, ndipo muwerenge zithunzi kuchokera pamene chala chakhudza galasi mpaka pamene batanilo lasintha maonekedwe. Chithunzi chilichonse ndi mamilisekondi 4.2, ndiye mukawerenga 15 mwapeza 63. Bwerezani kangapo chifukwa manambala amasinthasintha. Mukatero sinthani Frame Rate n'kuyesanso, ndipo mudzaona kuti chiwerengero chikusuntha kwambiri.

Mafoni amene amabwera kwa ine eni ake akudandaula kuti sikirini ikuchedwa, matenda ake amadziwika ndi nthawi imene vuto limayamba. Ngati gemu imayamba bwino n'kuyamba kulemera pakapita mphindi zingapo kumbuyo kwa foni kutatentha, purosesa yadzichepetsera liwiro kuti isapse ndipo mafulemu agwa. Zimenezi zimachuluka m'miyezi yotentha, makamaka munthu akamasewera foni ili pa moto komanso ili m'chikhava chokhuthala. Ngati kamera ikunjenjemera kapena foni ikudina yokha pokhapokha ili pa tchaja, tchajayo ikulowetsa phokoso la magetsi m'timizere tija, ndipo mukaizula vuto limatha pomwepo. Mu Developer options muli Pointer location, imene imajambula mzere paliponse chala chadutsa. Mzerewo ukamaduka pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ganizirani za galasi loteteza limene silinamatike bwino kapena sikirini yotsika mtengo imene inaikidwa yoyambayo itasweka. Thukuta la m'manja nalo limasokoneza, pakuti madzi pa galasi amawerengedwa ngati chala.

Palinso vuto limene anthu amalinamizira sikirini pomwe si lake. Kamera ikamatsatira chala bwinobwino, mfuti n'kulira nthawi yomweyo, koma mdani osagwa kapena inu kufa mutabisala kale kuseri kwa khoma, yang'anani nambala ya ms, kutanthauza mamilisekondi, imene gemu imaonetsa pakona. Imeneyo ndi nthawi ya uthenga kupita ku seva ndi kubwerako. Ikafika 150, milisekondi imodzi imene 480Hz ikanakupatsani siingasinthe kanthu, ndipo choyamba kuyesa ndi kusintha netiweki, kuyandikira rauta, kapena kusankha seva ina.