Wakupha ali pakhomo: kodi muyeso wa Kant umaletsadi bodza?

Mnzanu wathawira m'nyumba mwanu, ndipo posakhalitsa pakhomo pafika munthu amene akumusaka kuti amuphe. Akufunsa ngati alimo. M'chaka cha 1797 Benjamin Constant, wolemba nkhani za ndale ku France, analemba kuti munthu wotereyu alibe ufulu wouzidwa zoona. Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, anamuyankha chaka chomwecho kuti ngati palibe njira yozembera funsolo, kunama n'kulakwa ndithu. Ambiri amaganiza kuti yankho louma mtimali limachokera mu muyeso wake wotchuka wa lamulo la anthu onse. Ine ndikuona kuti muyesowo, ukautsata bwinobwino, sunena zimenezo.

Muyesowu Kant anaufotokoza m'buku lake la 1785 la maziko a chikhalidwe. Choyamba umatchula mfundo imene ukuyendera: uchita chiyani, zinthu zikakhala bwanji, pofuna chiyani. Kenako umayerekeza kuti mfundoyo yasanduka lamulo limene munthu aliyense akulidziwa ndipo akulitsata. Ukatero umadzifunsa ngati m'dziko lotero chochita chakocho chingakufikitsebe pa cholinga chako. Chitsanzo chake ndi cha munthu wobwereka ndalama amene akulonjeza kubweza pomwe akudziwa kuti sadzabweza. Onse atamatero, palibe angakhulupirire lonjezo, ndiye ngongoleyo sangaipeze. Funso apa silakuti dziko liipa kapena ayi. Vuto n'lakuti mfundoyo ikudzigwetsa yokha, chifukwa bodza limadalira kuti ena azinena zoona.

Tsono tibwere pakhomo paja. Mfundo yanu ikakhala yakuti "ndidzanama nthawi iliyonse imene bodza lingathandize," igwa ngati ya wangongole uja. Koma munthu amene akubisa mnzake sakuyendera imeneyo. Yake ndi iyi: "munthu amene ndikudziwa kuti akufuna kupha akandifunsa kumene kuli amene akumusaka, ndidzamunamiza kuti ndipulumutse moyo." Tiyerekeze kuti dziko lonse likudziwa lamuloli, ngakhale opha anthu omwe. Kodi bodza lanu ligwirabe ntchito?

Christine Korsgaard, katswiri wa maganizo a Kant, anasonyeza m'chaka cha 1986 kuti likhoza kugwira. Wakupha safika n'kunena kuti wabwera kudzapha. Amadzionetsa ngati mlendo wamba, mwina ngati wachibale amene ali ndi uthenga. Iye akudziwa kuti anthu amanamiza opha anzawo, koma akuganiza kuti inu simunamutulukire, choncho saona chifukwa chokayikira mawu anu. Mukati "kuno sanafike," amakhulupirira n'kumapita. Lamulo lafalikira kwa onse koma bodza lakwaniritsabe cholinga chake, ndipo palibe chimene chadzigwetsa. Zikanasintha akanakhala kuti waulula yekha cholinga chake, pakuti pamenepo akanadziwiratu kuti aliyense amunamiza, ndipo yankho lanu silikanamuuza kanthu.

Nanga n'chifukwa chiyani Kant anakana? Mu nkhani yake ya 1797 anatsamira kwambiri pa za malamulo ndi mapangano: bodza lililonse, iye anati, limalakwira anthu onse chifukwa limawononga kudalirika kwa mawu, pamene pamayambira mapangano. Anawonjezeranso kuti ukanama, mnzako n'kupezeka kuti anatuluka mwakachetechete ndipo wakuphayo wakumana naye panjira, mlandu ukukhudza iweyo. Pamenepa sindigwirizana naye, pakuti wogwira mpeni ndi wina.

Koma pali ngozi imene ndimafuna kuti aliyense wophunzira muyesowu aione. Ngati kuchepetsa mfundo kumaipulumutsa, munthu akhoza kumangowonjezera tizifukwa mpaka bodza lililonse litadutsa. Njira yodzigwirira ndi kuchotsa mbali imodzi ya mfundoyo n'kuona ngati ukanachitabe zomwezo. Chotsani kupha. Tinene kuti amene wafika pakhomo ndi munthu amene mnzanuyo anamubera, ndipo akungofuna katundu wake. Ngati mukanamunamizabe, ndiye kuti mfundo yanu yeniyeni sinali yopulumutsa moyo, inali yakuti "ndidzanamiza aliyense amene akufuna mnzanga pa nkhani yomuvuta." Iyeseni imeneyo. Wofunsayo sakubisa chimene wadzera, ndipo akudziwa kuti inu ndi mnzanuyo mumagwirizana. M'dziko limene aliyense amaikira kumbuyo mnzake ndi bodza, mawu anu akuti "kulibe" sangamubweze. Adzangodikirira panja mpaka mnzanuyo atatuluka.