Kutapa kamodzi kapena pang'onopang'ono, amakudula zambiri ndani?

Ine ndi ejenti wa ndalama za pafoni, kabenchi kanga kali pa Kasungu boma chakufupi ndi depoti, ndipo nyengo ya soya ndi fodya ikafika funso lomwe ndimayankha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndi limodzi, akuti achimwene ndikatapa zakutizakuti andidula zingati? Ena amafika atapanga kale masamu awo kunyumba kuti akamatapa pang'onopang'ono ndiye kuti akuipusitsa kampani. Zimandiwawa chifukwa ambiri mwa iwowa ndi omwe amadulidwa kwambiri osadziwa.

Choyamba mudziwe kuti chaji yotapira, kaya muli pa Airtel Money kaya pa TNM Mpamba, siyiyenda ndi peresenti ayi, imayenda m'masitepe. Pepala lija timamata pa benchi lili ndi mizere, mzere uliwonse ukuti kuyambira ndalama yakuti kulekeza yakuti chaji ndi iyi. Aliyense wagwera mumzere umenewo amadulidwa chimodzimodzi, kaya ali koyambirira kwa mzere kaya ali kumapeto kwenikweni. Ndipo mukamakwera mizere chaji imakwera inde, koma siyithamanga ngati mmene ndalama yotapayo ikukwerera. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Mitengo yeniyeni imasinthasintha komanso makampani awiriwa sakhala ofanana ndendende, ndiye manambala ndikuika apawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, inuyo mukaike a papepala la ejenti wanu. Tinene kuti kutapa ndalama yosapyola K5,000 amadula K300, yosapyola K10,000 amadula K550, yosapyola K20,000 ndi K1,000, yosapyola K50,000 ndi K1,700, kenako yosapyola K100,000 ndi K2,800.

Ndiye tiyerekeze mayi ena a ku Santhe agulitsa matumba a soya, venda wawatumizira ndalama pafoni ndipo akufuna K80,000 m'manja. Akatapa kamodzi adulidwa K2,800 basi yatha. Akati ayi ndizitapa K20,000 sabata iliyonse, kanayi konseko K1,000 K1,000, ndi K4,000 imeneyo. Akamatapa ma K10,000 kasanu ndi katatu yakwana K4,400. Ngakhale atagawa pawiri pokha, K50,000 ndi K30,000, zonse ziwiri zagwera mzere umodzi wa K1,700, ndiye ndi K3,400. Paliponse pamenepa kutapa kamodzi kwawina. Vuto ndi loti K550 ukaimva payokha imamveka yochepa poyerekeza ndi K2,800, munthu sawonkhetsa, amangoona kuti lero andidula pang'ono n'kumapita akusangalala.

Omwe ndimawamvera chisoni kwambiri ndi aja amakonda kutapa K11,000 kapena K21,000. K11,000 yadumpha mzere ndi kasauzande kamodzi kokha koma ikudulidwa K1,000, yofanana ndi munthu amene watapa K20,000 yathunthu. Mukatapa choncho kasanu ndi kawiri mwatenga K77,000 ndipo K7,000 yapita, pomwe kamodzi ikanakhala K2,800.

Koma ndisakunamizeni kuti kamodzi ndi kotchipa nthawi zonse. Pali malo amodzi pomwe kugawa kumapulumutsa ndalama, ndi pamene ndalama yomwe mukufunayo yangodutsa mzere pang'ono. Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire wochokera cha ku Chinkhoma, foni yake ya mabatani atakulunga mukapepala ka shuga, akufuna K52,000. Ndinawauza kuti bambo taimani kaye musanaike pini. Ndi manambala athu aja, K52,000 kamodzi ndi K2,800 chifukwa yalowa mzere wapamwamba. Koma kutapa K50,000 ndi K1,700, kenako K2,000 payokha ndi K300, zonse pamodzi K2,000. K800 yatsala mufoni. Anandiyang'ana nthawi ndithu kenako akuti, “Mwana wanga, ndiye K2,000 yokhayi imafuna kundidyera zonsezi?”

Kuti mudziwe nokha ngati kugawa kukuthandizani simufunika kalikuleta. Yang'anani chaji ya mzere womwe mwagwera, chotsanipo chaji ya mzere wapansi pake. Mu chitsanzo chathu K2,800 kuchotsa K1,700 ndi K1,100. Tsopano onani kandalama kapamwamba kaja, kamene kadutsa mzere, kutapa kokhako ndi zingati. Ngati chaji yake ili pansi pa K1,100 gawani, ngati yafika kapena yapitirira tapani kamodzi. Ndi chifukwa chake K52,000 ndi K60,000 zikupindula kugawa koma K80,000 ayi, poti K30,000 yapamwambayo ikufuna K1,700 yakeyake. Komanso gawo lalikulu lizikafika kumapeto kwa mzere ndendende, K50,000 osati K50,500, ndipo muwerenge bwino papepala kuti mzere ukuthera pati chifukwa kwacha imodzi yokha imakuponyani mzere wina.

Ineyo ndikamalangiza makasitomala anga, kandalama kapamwambako ndimati osakatapa n'komwe. Kasiyeni mufoni, mugulire mayunitsi, magetsi a ESCOM kapena mulipirire katundu kusitolo komwe amalandira za pafoni, pa `*211#` kapena `*444#` zonsezi zilipo. Kutulutsa K2,000 ndi chaji kuti mukaguleso mayunitsi pa benchi lomwelo, ndi kutaya ndalama kumeneko.

China chomwe chimasokoneza anthu tsiku ndi tsiku, chaji imachoka mufoni pamwamba pa ndalama yomwe mwatapa, siyichoka pa kashi yomwe ndikukupatsani. Ngati balansi yanu ili K52,000 ndendende simungatape K52,000, ikana, meseji ibwera yoti ndalama sizikukwana ndipo anthu amayamba kundikaikira ine kapena kunena netiweki. Mungatape K50,000, adule K1,700, mutsale ndi K300. Ndiye achibale akutauni kapena aku Joni akamakutumizirani muziwauza kuti aikepo yotapira, ndipo muwatchulire nambala yake kuchokera papepala, osangoti muikepo kenakake.

Pali nkhani ina yomwe ma ejenti anzanga sakonda kuti inenedwe koma ndinena. Ifeyo timalandira komishoni kuchokera kukampani pa kutapa kulikonse, ndiye ejenti wosakhulupirika atha kukuuzani kuti sisitimu ikuvuta, tapani ma K20,000 kanayi, pomwe kashi ali nayo mukabati. Iye komishoni yachuluka, inu mwadulidwa kanayi. Makampani amaletsa ma ejenti kugawa dala chonchi. Nthawi zina zimakhala zoona kuti kashi yathera, makamaka kumidzi ngati ku Chulu kapena Nkhamenya tsiku la msika anthu akatapa ambiri m'mawa, koma zikatero ejenti wabwino amakuuzani chilungamo kuti ndili ndi K30,000 yokha, ndipo inu muwerengere ngati kuli bwino kutapa kawiri kapena kupita benchi lina. Ngati benchi linalo lili kutali moti kabaza akudyerani K2,000 kupita ndi kubwera, kudulidwa K600 yowonjezera pogawa K80,000 ija pawiri kuli bwino. Ndipo ejenti sayenera kukuuzani kuti muonjezere ndalama yapamanja pamwamba pa chaji yomwe yadulidwa kale mufoni.

Mukamaliza kutapa musachoke meseji isanalowe. Tengani balansi yomwe munali nayo, chotsani kashi mwalandira, chotsaniso balansi yatsopano yomwe yalembedwa mumesejimo, yotsalayo ndiye chaji yomwe mwadulidwa ndipo igwirizane ndi ya papepala. Ngati pepala palibe pa benchi kapena lachita kufufutika ndi dzuwa, funsani ejenti akutchulireni chaji musanaike pini, ndipo mukapeza pepala latsopano lijambuleni pafoni kapena lembani mizere isanu yomwe mumagwiritsa ntchito kawirikawiri kuseri kwa kope.