Ntchito zonse zisamadzuke 12 koloko usiku, databezi imabanika

Sisitimu yanu ngati imayenda bwinobwino masana onse koma m'mawa mukupeza malipoti ena sanatuluke, ma SMS ena sanapite, kenako mukayang'ana malogi mukupeza zonse zinayamba kusokonekera 00:00 ndendende, musathamangire kugula seva yaikulu ayi. Yambani mwaona ndandanda ya ntchito zija zimadziyendera zokha usiku. Nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo ndipo kulikonza sikufuna ndalama olo pang'ono.

Pa seva za Linux pali kapulogalamu kotchedwa `cron`, ntchito yake ndi kudzutsa mapulogalamu ena nthawi ikakwana basi. Mumakauza ndi mzere umodzi, malo asanu oyambirira ndi mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata.

```
0 0 * * * /opt/ntchito/lipoti.sh
```

Mzerewu ukuti mphindi 0, ola 0, tsiku lililonse. Ndiye munthu akauzidwa kuti lipoti ili lizituluka kamodzi patsiku, chimene chimamubwerera msanga m'mutu ndi maziro awiriwo, ena amangolemba `@daily` poganiza kuti makina asankha okha nthawi yabwino, pomwe pa `cron` wamba `@daily` ndi 00:00 yomweyo. Wina walemba yake chaka chino, wina yake chaka chamawa, palibe amene walakwitsa payekha, koma pakatha zaka zingapo mupeza mizere makumimakumi yonse ikuloza sekondi imodzi. Ndipo sizokhazo. Ntchito ya ola lililonse, `0 * * * *`, nayonso imadzuka 00:00. Ya mphindi 15 zilizonse, `*/15 * * * *`, nayonso pomwepo, chifukwa kuwerenga kwake kumayambira pa ziro. Pa 1 mwezi uliwonse zamwezi zija nazo zimabwera kudzaonjezera, nchifukwa chake ena amadabwa kuti sisitimu imagwa usiku wolowa mwezi watsopano wokha.

Tiyerekeze bungwe lobwereketsa ndalama lili ndi nthambi 60, nthambi iliyonse ili ndi ntchito yake yausiku yowerengera amene alipira ndi amene atsalira. Databezi ndi PostgreSQL ndipo palibe anaisinthapo kalikonse chiikireni. Ikangoikidwa kumene, `max_connections` imakhala 100, ndiye kuti imalola makonekishoni 100 nthawi imodzi, ndipo atatu mwa amenewo amasungidwira woyang'anira wamkulu, otsala ndi 97. Tinene kuti ntchito iliyonse imatsegula makonekishoni 5 ndipo ikamayenda yokha imatha mphindi 4. Zonse 60 zikadzuka limodzi zikufuna makonekishoni 300 pamalo a 97. Zoyamba kufika zilowa, zotsalazo zibwezedwa ndi uthenga wonga uwu:

```
FATAL: sorry, too many clients already
```

Kwa amene muli pa MySQL malire ake oyambira ndi 151 ndipo uthenga wake ndi `Too many connections`, nkhani ndi yomweyo.

Chimene chimandipweteka mtima ine ndi chakuti ngakhale zimene zalowazo sizikuyendanso bwino. Zonse zikuwerenga matebulo akuluakulu pa disiki imodzi, iyi ikamabweretsa deta yake mu memore ikukankhira kunja deta imene inzake imafuna, ndiye inzakeyo ibwererenso ku disiki. Zina zikufuna kusintha mizere yomweyomweyo ndiye zikudikirana pa loko. Ntchito ya mphindi 4 ija ikhoza kutenga theka la ola kapena kupitirira. Zili ngati mudzi wonse kufika pachigayo chimodzi 6 koloko m'mawa, aliyense nkumathira chimanga chake nthawi imodzi, chigayocho chikhoza kugaya zonse patsiku popanda vuto koma osati motero. Pamwamba pa izo, ntchito zobwezedwa zija zambiri zinalembedwa kuti zikalephera ziyesenso pakatha mphindi imodzi, ndipo poti zinalephera limodzi zibwereranso limodzi 00:01, kenako 00:02, databezi osapuma. Kasitomala amene akulipira ngongole yake pafoni nthawi imeneyo naye akanidwa, iye sakudziwa nkomwe kuti kuli malipoti.

Mungadziwe bwanji kuti vuto lanu ndi limeneli? Galafu ya seva imaonetsa poyera, mzere umakhala pansi usiku wonse kenako nkukwera mwadzidzidzi pa 00:00 tsiku lililonse, osati 23:52 kapena 00:07, chifukwa anthu sabwera pa sekondi imodzi chotero, ndi makina okha. Kenako werengani mizere ya maziro ndi `crontab -l | grep '^0 0 '` osaiwala kuti yuza aliyense ali ndi ndandanda yake komanso zina zimabisala mu `/etc/cron.d`. Ngati mungathe kukhala maso usiku umodzi, funsani databeziyo 23:59 ndi 00:01 muyerekeze.

```
SELECT state, count(*) FROM pg_stat_activity GROUP BY state;
```

Chenjezo pang'ono apa, seva zambiri zobwereka kunja wotchi yake imakhala pa UTC, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola 2, ndiye 00:00 ya sevayo kwathu kuno ndi 2 koloko usiku. Lembani `date` pa seva muone kaye musanayambe kusaka pa ola lolakwika.

Ambiri akaona uthenga uja amangokweza `max_connections` kufika 500. Ine sindigwirizana nazo ngati njira yoyamba. Mu PostgreSQL konekishoni iliyonse imakhala pulosesi payokha yodya memore yake, ndiye mwangolola anthu ambiri kulowa kukalimbirana disiki yomweyo, uthenga usowa koma kuchedwa kuonjezereka, mwinanso memore nkutha. Ena amasuntha zonse kupita 01:00, apo mwangosamutsa vuto ndi ola limodzi.

Chofunika ndi kuzimwaza. Tibwerere ku nthambi 60 zija. Ntchito yonse pamodzi ndi mphindi 240, ndiko kuti 60 kuchulukitsa ndi 4. Tikasankha mpata wa maola atatu, kuyambira 00:30 mpaka 03:30, tili ndi mphindi 180, ndiye ntchito imodzi izidzuka pakatha mphindi 3 zilizonse.

```
30 0 * * * /opt/ntchito/lipoti.sh 01
33 0 * * * /opt/ntchito/lipoti.sh 02
36 0 * * * /opt/ntchito/lipoti.sh 03
```

Yomaliza idzuka 03:27. Poti iliyonse imatha mphindi 4, nthawi iliyonse pazikhala imodzi kapena ziwiri zikuyenda, makonekishoni 5 kapena 10 m'malo mwa 300. Databezi ndi yomweyo, ntchito ndi yomweyo, ndipo zonse zatha nthambi zisanatsegule. Masamu ake musawalumphe, mpata umene mwasankha uzikwana ntchito zonse, ndipo yomaliza kudzuka mukaonjezera nthawi imene imatenga pa tsiku loipitsitsa, ngati kumapeto kwa mwezi, izithabe anthu asanafike ku ofesi.

Kulemba pamanja chonchi nkwabwino ntchito zikakhala zochepa, koma zikafika mazana palibe amene angakumbukire mphindi imene ili yopanda mwini. Apa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuuza ntchito iliyonse kuti ikadzuka igone kaye nthawi yongosankha mwamaere, monga `sleep $((RANDOM % 10800))` amene ndi masekondi a maola atatu. Imagwira koma ili ndi misampha iwiri imene imagwetsa anthu ambiri. `RANDOM` ndi ya `bash`, pomwe `cron` amagwiritsa `/bin/sh`, ndipo pa Debian ndi Ubuntu imeneyo si `bash`, ndiye kugonako kumangokhala ziro ndipo zonse zidzukabe limodzi inu mukuti mwakonza. Wachiwiri, chizindikiro cha `%` mkati mwa mzere wa `crontab` chimatanthauza kuyamba mzere wina, chimafuna kulembedwa `\%`. Ndiye ndi bwino kugonako kukuyika mkati mwa sikiripiti yeniyeniyo ya `bash`, pamwamba penipeni, konekishoni ya ku databezi isanatsegulidwe, apo ayi ntchitoyo igona itagwira konekishoni ndipo palibe mwapindula.

Koma ine maere sindiwakonda kwenikweni chifukwa lero lipoti la nthambi 17 latuluka 00:41, mawa 03:10, wina akafunsa kuti kodi lachedwa kapena lafa simungamuyankhe. Njira yachiwiri ndi kutenga dzina la ntchitoyo nkulisandutsa nambala, ndiye ntchito iliyonse imapeza mphindi yakeyake ndipo sisintha tsiku ndi tsiku.

```
n=$(printf '%s' "lipoti-17" | cksum | cut -d' ' -f1)
sleep $(( n % 180 * 60 ))
```

Zida zina zinabwera nazo kale zimenezi. Mu Jenkins mumalemba `H` pamalo a nambala, monga `H H(1-3) * * *`, ndipo iye amasankha mphindi ndi ola potengera dzina la ntchito. Pa `systemd` pali `RandomizedDelaySec=3h`, mukaonjezera `FixedRandomDelay=true` kuchedwako kumakhala kofanana masiku onse. Dziwani kuti njira zonsezi sizilonjeza kuti ntchito ziwiri sizidzagwera mphindi imodzi, pa ntchito 60 m'mphindi 180 zina zigundana ndithu, ziwiri kapena zitatu, koma zimenezo databezi imazinyamula bwinobwino. Kuyesanso kuja nakonso kumwazeni, ntchito ikalephera idikire nthawi yosiyana ndi inzake ndipo ikalepheranso idikire motalikirapo.

Pomwe muyenera kusamala kwambiri ndi ntchito zodalirana. Ngati pali ntchito yotseka tsiku, kenako yowerengera chiwongoladzanja, kenako malipoti, zimenezi sizomwaza mwachisawawa chifukwa lipoti likhoza kutuluka chiwongoladzanja chisanawerengedwe, ndipo choopsa nchakuti silidzalephera, lidzangotuluka ndi manambala olakwika. Kungoika ina 00:05 ina 00:30 nkumayembekeza kuti yoyamba ikhala itatha ndi kubetcha, tsiku limene yachedwa zonse zasokonekera. Zimangeni pamodzi, `tseka.sh && chiwongola.sh`, kuti yachiwiri iziyamba pokhapokha yoyamba yatha bwino, ndipo malipoti aja asanayambe aziona kaye ngati tsiku latsekedwadi. Chinanso, musamwazire kumbuyo. Sikiripiti yambiri imawerengera "dzulo" potengera wotchi, ndiye mukaisunthira ku 23:40 dzulo lake likhala dzana, lipoti litulukabe lokongola koma la tsiku lina. Mukaisunthira kutsogolo onaninso kuti ikudula deta pa 00:00 osati pa nthawi imene yadzuka, apo ayi zolipira za 01:15 zilowa m'lipoti la nthambi ina pomwe ku nthambi inzake sizinalowe.

Mukamaliza siyani usiku ungapo mubwerere ku galafu ija. Nsonga ya 00:00 iyenera kusanduka kachitunda kotsika kotalika mpaka cha m'ma 3:30. Ikakhala ikadalipo ndiye kuti pali ndandanda ina simunaione, mwina pa seva ina imene imalumikizana ndi databezi yomweyo, mwina mkati mwa pulogalamu yeniyeniyo, kapena ndi bakapu ya `pg_dump` imene nayonso wina anaiika pa maziro awiri aja.